Momwe mfumu ingalankhulire kuti mudzi uvomere kusonkhera thumba la mjigo

Mfumu imene yaitanitsa msonkhano wokhazikitsa thumba losamalira mjigo iyenera kudziwiratu kuti anthu amene akhala pansi pa mtengo patsogolo pake sakufunika kuphunzitsidwa ubwino wa madzi aukhondo. Mayi amene mjigo ukafa amalawirira kudambo kukadikira kuti madzi azerere pa kachitsime ka mumchenga amaudziwa ubwino umenewo kuposa wina aliyense amene angaime kutsogolo n'kumalankhula. Zimene zimakanitsa anthu kusonkha nthawi zambiri ndi ziwiri. Choyamba, anasonkhapo kale ndipo ndalamazo sizinaoneke kumene zinalowera. Chachiwiri, amaona kuti mjigowo ndi wa amene anaukumba, kaya ndi boma, bungwe kapena phungu, choncho iye yemweyo ndiye abwere adzaukonze. Mawu a mfumu akalephera kuyankha zinthu ziwirizi, anthu amaomba m'manja mwaulemu n'kubalalika, koma mwezi ukatha m'kaundula mumapezeka maina osapitirira khumi. Malangizo ali m'munsiwa ndi a inu amfumu, a nyakwawa kapena a wapampando amene mukufuna kuti msonkhano wanu uthere pa kulembetsa maina.

Choyamba: pitani pa mjigo musanaitane anthu

Kutatsala masiku angapo kuti msonkhano uchitike, pitani pa mjigo pamodzi ndi mekaniki wa m'dera lanu ndi amayi awiri kapena atatu amene amatungapo tsiku ndi tsiku. Mijigo yambiri m'midzi ya m'Malawi muno ndi ya mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chikukhudza ntchito yoyesa mijigo imene inachitika m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mjigo umenewu unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola marodi, amene ndi ndodo zachitsulo zotsikira m'mapaipi, ndi timphira ta pansi kudzera pamutu pa mjigo, ndi sipanala imodzi, popanda kuzula mapaipi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa idzakuthandizani wina akadzanena kuti za mjigo n'zoyenera anthu a kuboma okha.

Pali mayeso awiri osavuta amene muyenera kuona ndi maso anu. Oyamba ndi oyesa kudontha: pemphani mayi mmodzi ajige mpaka madzi atuluke, kenaka mjigo usiyidwe osaukhudza kwa mphindi 30, ndipo mukayambanso kujiga muwerenge kuti chogwirira chakwera ndi kutsika kangati madzi asanatuluke. Chikapitirira kasanu, ndiye kuti madzi akuthawa, mwina pa vavu ya pansi imene imaletsa madzi kubwerera, mwina pa paipi imene yabooka. Achiwiri ndi oyesa kuchuluka kwa madzi: ajige kokwana 40 pa mphindi imodzi, akukweza chogwirira mpaka pamwamba ndi kuchitsitsa mpaka pansi, madziwo akugwera m'ndowa ya malita 20. Mjigo wabwino uyenera kupereka malita osachepera 15, kutanthauza kuti ndowayo itsale pang'ono kudzaza. Ngati madzi angofika theka, kamphira kamene kamakoka madzi m'silinda kaperepeseka. Gwedezaninso chogwirira cha uku ndi uku. Ngati chikusewera ndiponso kulira ngati chitsulo chikukhulana ndi chinzake, mabushi, tipulasitiki timene chogwirira chimazungulirapo, atha.

Pemphani mekanikiyo kuti akusungireni kamphira kakutha kamodzi ndi bushi imodzi yosweka, komanso kamphira katsopano ngati ali nako. Zimenezi mudzapita nazo kumsonkhano m'thumba la jekete.

Chachiwiri: werengani ndalama musanatchule mtengo

Msonkhano wambiri umafera pa funso lakuti n'chifukwa chiyani ndalamazo zili zakutizakuti, pamene mfumu yangotchula chiwerengero chimene yamva kuti mudzi woyandikana nawo umasonkha. Tumani mlembi wanu ku sitolo ya zipangizo za mijigo imene ili pafupi kuti akalembe mitengo ya tsiku limenelo, ndipo mufunsenso mekaniki kuti amalipiritsa zingati akabwera kudzayendera mjigo. Ziwerengero zimene ndiike panozi n'zongosonyezera kawerengedwe kake. Inu muikemo mitengo yeniyeni ya kwanuko.

Tiyerekeze mudzi wa mabanja 64 amene amamwa pa mjigo umodzi. Pa chaka, timphira, mabushi ndi tizipangizo tina tosachedwa kutha tikufuna K60,000. Mekaniki abwere kanayi pa chaka, ulendo uliwonse K15,000, zonse pamodzi K60,000. Zoyendera pokagula zipangizo ndi zogulira kope ndi buku la malisiti zikhale K20,000, ndipo simenti yomatira ming'alu pa khonde la mjigo ndi m'ngalande ikhale K40,000. Pomaliza musungepo K120,000 ya tsiku limene rodi idzaduke kapena paipi idzabooke. Zonse zikukwana K300,000.

Tsono musagawe ndalamazi ndi 64. Chotsanimo mabanja amene mudzi wonse ukudziwa kuti sangathe, monga nkhalamba zokhala zokha ndi ana amasiye amene akudzilera okha; tinene kuti alipo 8, kutsala 56. Mwa 56 amenewa, ena adzagwa m'mavuto a matenda kapena maliro n'kulephera miyezi ina, choncho werengerani mabanja 50 okha. Mukagawa K300,000 ndi 50, banja lililonse likuyenera K6,000 pa chaka, imene ndi K500 pa mwezi. Mtengo umenewu mungathe kuuteteza pamaso pa aliyense, chifukwa mukudziwa kumene kwacha iliyonse ikupita.

Chachitatu: thetsani nkhani ya ndalama zakale, ndipo sankhani bwino tsiku

Ngati m'mudzimo munali kale komiti imene inasonkhetsa ndalama n'kungoti zii, musayembekeze kuti nkhaniyo siituluka. Idzatuluka, ndipo idzatulutsidwa ndi munthu amene simukumuyembekezera, pa nthawi imene mukuganiza kuti anthu ayamba kuvomera. Itanani a komiti yakaleyo kunyumba kwanu pamodzi ndi nduna zanu, muwafunse kuti zinasonkhedwa zingati, zinagula chiyani, ndipo zotsala zili kuti. Kawirikawiri mudzapeza kuti msungichuma sanabe mwa dala, koma anabwereketsa m'bale wake amene mwana anadwala, kapena anagulira feteleza poganiza kuti adzabweza akakolola. Mugwirizane za kabwezedwe kake, kaya ndi ndalama kaya ndi chimanga, kuti pa tsiku la msonkhano mudzathe kunena kuti nkhaniyo mwaikhalira pansi ndipo zakutizakuti zibwezedwa pofika tsiku lakuti. Pagulu musatchule dzina la munthuyo, pakuti onse akumudziwa kale, ndipo kumuchititsa manyazi kungapangitse kuti abale ake onse akane kulowa m'thumba latsopanoli.

Kumananinso padera ndi anthu amene mawu awo amamveka: amayi aakulu amene amatsogolera pa maliro ndi pa zinkhoswe, akuluakulu a mipingo ndi a mzikiti, mlangizi wa zaumoyo, ndiponso amene amagwiritsa ntchito madzi ambiri, monga oumba njerwa, ofulula mowa ndi ophika zogulitsa. Omalizawa akamva koyamba pagulu kuti iwo azisonkha zochulukirapo, adzaona ngati mwawatchera msampha.

Za tsiku, pewani miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili mbee ndipo anthu ali kalikiliki ndi maganyu. Nthawi yabwino ndi pamene anthu akolola ndipo ayamba kugulitsa mtedza, soya kapena fodya, cha mu Meyi mpaka Julaye. Pewaninso tsiku la msika ndi masiku opembedza, ndipo msonkhano uyambe dzuwa litapendeka, amayi ataphika kale nsima ya masana. Malo ake akhale pa mjigo pomwepo kapena pa mthunzi woyandikana nawo, osati pabwalo la milandu, chifukwa munthu akaitanidwa kubwalo amabwera atakonzeka kudziteteza.

Chachinayi: yambani ndi ulemu ndi chinthu chimene onse akuchikumbukira

Pambuyo pa pemphero, perekani ulemu mwachidule kwa onse monga mwa mwambo, koma musatalikitse malonje mpaka anthu kutopa nkhani isanayambe. Pewani kuyamba ndi mawu akuti madzi ndi moyo, pakuti anthu awamva pa wailesi ndi pa misonkhano yonse mpaka sakulowanso m'khutu. Yambani ndi nthawi yomaliza imene mjigo wanuwo unafa, ndipo munene masiku ake enieni. Mungalankhule motere:

"Zikomo a gulupu, zikomo akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata. Ndathokoza kuti mwasiya ntchito zanu n'kubwera. Sindinakuitanireni mlandu, ndipo palibe amene ndabwera kudzamudzudzula. Ndakuitanirani mjigo uli apowu. Mukukumbukira chaka chatha mu Okutobala, dzuwa lili phwee, pamene unatisiya masabata atatu. Amayi athuwa ankadzuka tambala woyamba kupita kudambo, ndipo atsikana athu ankafika kusukulu anzawo atalowa kale m'kalasi. Tinapita kukapempha madzi kwa anzathu a tsidya, ndipo anatilandira masiku oyamba, koma pambuyo pake anayamba kutiuza kuti tizitunga iwo akamaliza. Sindikuwadandaula, pakuti mjigowo amausamala ndi ndalama zawo. Funso limene ndabwera nalo ndi lakuti, kodi tidikire kuti zimenezi zitionekerenso, kapena tikonzekeretu?"

Mukafika apa, imani pang'ono ndipo mupemphe mayi mmodzi mwa amene munakambirana nawo kale kuti anene yekha zimene anaona m'masabata amenewo. Mawu a mayi amene anasenza ndowa amafika pamene mawu a mfumu, amene madzi amawapeza ali kale m'bafa, sangafike. Amfumu ena sakonda kuuzidwa zimenezi, koma ndi mmene anthu amaonera.

Nkhani ya matenda muitchule mwachidule ndi mosamala. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira m'maboma onse a dziko lino n'kupha anthu opitirira 1,700, ndipo anthu ambiri akuukumbukirabe. N'kokwanira kukumbutsa kuti mjigo ukafa m'nyengo ya dzinja, anthu amabwerera ku zitsime zosatetezedwa pa nthawi yomwe madzi a mvula akukokolola zonyansa za kutchire. Ngati m'mudzimo muli banja limene linataya munthu ndi matenda otsegula m'mimba, musaligwiritse ntchito ngati chitsanzo.

Chachisanu: tulutsani kamphira kaja

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanu yonse, choncho musafulumire. Tulutsani kamphira kakutha ndi katsopano, muzipereke kuti ziyende m'manja mwa anthu kuyambira mbali ya amayi. Anthu ambiri amene atunga pa mjigo zaka khumi sanaonepo chimene chili pansi pake, ndipo amadabwa kuona kuti chinthu chimene chimakweza madzi kuchokera pansi pa nthaka ndi kamphira kakuda kongokwana pachikhatho. Pamene akukatembenuza ndi kukapinda, inu pitirizani:

"Kamene mwagwirako ndi kamene kamatipatsa madzi. Taonani kakaleko mmene kaperepesekera m'mbali, muyerekeze ndi katsopanoko. Sikuti wina wakawononga ayi. Kamatha monga mmene imathera nsapato ya munthu woyenda tsiku ndi tsiku, ndipo mabanja 64 tikamajiga kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, sikangakhale mpaka kalekale. Ichi chinachi ndi bushi, imene imakhala pamene chogwirira chimazungulira. Inapangidwa ndi pulasitiki dala, kuti izitha iyoyo m'malo mwa chitsulo. Tikaisintha pa nthawi yake, tataya ndalama zochepa. Tikaisiya, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo chimene tidzagule pamenepo si bushinso ayi, koma chitsulo cha mtengo wokwera kwambiri. Chimodzimodzinso m'kati mwa paipi: pa marodi pali timphira timene timaletsa rodi kukhula paipi. Tikatha, rodi imakwecha paipiyo mpaka kuiboola, ndipo pamenepo pafunika amekaniki, anyamata ambiri ozula mapaipi onse, guluu, zolumikizira ndi masiku angapo opanda madzi."

Kenaka nenani zimene munapeza pa mayeso aja, mwachitsanzo kuti mjigo ukapuma mphindi 30 madzi akutuluka munthu atajiga kokwana 14 pamene sayenera kupitirira kasanu, ndipo mufunse amayi ngati si zoona. Adzavomera onse pamodzi, chifukwa akhala akudandaula za zimenezi kwa miyezi. Ngati nthawi ilipo, chitani mayeso a ndowa aja anthu akuona. Mwambi umodzi ndi wokwanira pa malankhulidwe onse, ndipo pano ndi pamene ungakhale bwino: walira mvula walira matope, ndiye kuti amene tinalira mjigo tinaliranso timphira take. Miyambi ikachuluka, anthu amayamba kusangalala ndi kalankhulidwe kanu n'kuiwala chimene mukupempha.

Chachisanu ndi chimodzi: nenani mtengo, ndipo nenani amene adzagwire ndalama

Mlembi awerenge mokweza mndandanda wa ndalama uja, chinthu chimodzichimodzi, ndipo ngati pali pepala lalikulu kapena bolodi la kusukulu, zilembedwe poonekera. Inu mukatero nenani K500 ya pa mwezi ija monga ganizo chabe limene mudzi ungalisinthe, osati monga lamulo. Perekaninso njira zoperekera: amene akufuna azipereka mwezi ndi mwezi, amene amapeza ndalama nthawi yokolola apereke K3,000 kawiri pa chaka, ndipo amene alibe ndalama apereke chimanga kapena mtedza wolingana ndi mtengowo pa tsiku loperekalo. Mabanja 8 aja muwatchule monga gulu, mupemphe mudzi kuti uvomereze kuwasenzera, ndipo amene ali ndi mphamvu pang'ono angathandize kusesa pa mjigo ndi kutsegula ngalande.

Mukatha apo, lankhulani za kasungidwe ka ndalama momveka bwino kuposa china chilichonse chimene mwanena tsikulo:

"Ndikudziwa chimene chili m'mitima mwanu, ndipo simukulakwa kuchiganiza. Tinasonkhapo kale, ndipo sitinaone bwino mapeto ake. Nkhani imeneyo ndaikhalira pansi ndi nduna zanga, ndipo zimene zinatsala zibwezedwa pofika kumapeto kwa mwezi wamawa. Ulendo uno tichita mosiyana. Ine mfumu yanu sindidzagwira ndalama ya mjigo ngakhale tambala imodzi, ndipo mkazi wanga kapena mwana wanga sadzakhala msungichuma. Komiti ya anthu 10 musankha nokha lero, ndipo ndikupempha kuti amayi achuluke, pakuti ndi amene amayamba kudziwa mjigo ukayamba kudwala. Aliyense wopereka ndalama alandire lisiti, ndipo dzina lake lilembedwe m'kaundula iye akuona. Wolemba akhale wina, wosunga akhale wina. Ndalama isatuluke popanda anthu atatu kuvomereza, ndipo isabwerekedwe kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ine, ngakhale pa maliro. Miyezi itatu iliyonse tidzakhala pansi pompano, mlembi adzawerenga zolowa ndi zotuluka, ndipo msungichuma adzaika pa mphasa ndalama zotsala ndi zipangizo zimene zagulidwa kuti tiziwerenge tonse."

Mfundo yakuti ndalama isabwerekedwe ngakhale pa maliro ndi yowawa kuinena, koma ndi pa maliro pamene matumba ambiri a mijigo amathera, chifukwa palibe msungichuma amene angakanize mnansi wake wofedwa pokhapokha ngati pali lamulo la mudzi wonse limene angabisalepo. Lamulo limeneli limateteza msungichumayo koposa.

Onjezaninso kuti ndalama zambiri sizidzagona m'nyumba ya munthu. Zikangokwana, komiti igule timphira ndi mabushi a chaka chonse n'kusunga, pamalo ozizira ndi opanda dzuwa kuti mphirayo isaume. Anthu akukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wa m'sitolo anakwera nthawi yomweyo. Komiti imene inali ndi zipangizo m'bokosi sinataye kanthu, pamene imene inali ndi ndalama m'chitini inapeza kuti sizikukwananso kugula zimene inkafuna. Zosungira tsiku la vuto lalikulu zija ziikidwe ku akaunti ya komiti yosainira anthu angapo, osati pa foni ya munthu mmodzi.

Chachisanu ndi chiwiri: lolani anthu atsutse

Mukatha kulankhula, khalani pansi ndipo nduna yanu ipereke mpata wa mafunso, kuyambira kwa amayi, chifukwa abambo akayamba amayi ambiri salankhulanso. Mudzi ukangoti chete n'kuvomera zonse popanda funso, musasangalale, chifukwa kukana kwake kudzaonekera pa tsiku losonkha. Ndinaonapo msonkhano wina pamene amfumu anayamba ndi kulengeza kuti wosasonkha adzalipira nkhuku. Palibe amene anatsutsa, koma sabata yotsatira amayi angapo anayamba kutunga usiku, ndipo loko amene anaikidwa pa mjigo anapezeka atathyoledwa.

Funso loyamba limene limabwera ndi lakuti mjigo unabwera ndi boma kapena bungwe, bwanji iwo osaukonza. Yankhani modekha kuti amene anakumba anachita mbali yawo yaikulu, imene mudzi sukanaitha, ndipo ndondomeko ya boma pa mijigo ya m'midzi ndi yakuti kusamala ndi kukonza zing'onozing'ono ndi udindo wa omwe akumwapo. A ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu amathandiza pa uphungu, pa maphunziro a komiti ndi pa mavuto aakulu monga chitsime kugumukira m'kati kapena kuuma, koma ali ndi mijigo yambirimbiri yoti aiyang'anire, ndipo sangabwere chifukwa cha kamphira. Wina akanena kuti aphungu adzakonza, musanyoze phunguyo kapena chipani chilichonse. Ingofunsani kuti pa masabata atatu aja anthu ankamwa chiyani podikira.

Wina adzati madzi ndi a Mulungu, sagulitsidwa. Vomerezani kuti ndi zoona, ndipo munene kuti palibe amene akugulitsa madzi, pakuti chimene mukusonkhera ndi chitsulo ndi mphira zimene zimawakweza, zomwe zimagulidwa kusitolo. Wina adzafunsa chifukwa chake iye wokhala yekha apereke mofanana ndi banja la anthu khumi, kapena ndi woumba njerwa amene amatunga migolo. Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo musaliyankhe nokha. Libwezeni kwa anthu kuti agwirizane, mwina kuti wochita malonda ndi madzi azipereka kawiri, kapena kuti njerwa zisamaumbidwe ndi madzi a pa mjigo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene madzi amatsika. Pa mabanja a mitala, gwirizanani poyera ngati mukuwerenga khomo lililonse kapena bambo mmodzi, chifukwa nkhani imeneyi ikasiyidwa imadzavuta pa tsiku lolemba maina.

Za chilango cha wosasonkha zibwere pomalizira, ndipo zichokere kwa anthu. Langizo langa ndi lakuti musavomere lamulo lothamangitsa ana kapena kulanda ndowa pa mjigo, chifukwa banja lotsekeredwa madzi limabwerera kudambo, ndipo matenda amene lingatenge kumeneko sadzafunsa kuti wasonkha ndani. Ndi bwino kuti wolephera miyezi iwiri ayenderedwe ndi komiti kunyumba kwake, akalephera itatu aitanidwe kwa mfumu, ndipo apatsidwe mwayi wolipira ndi ntchito, monga kukumba dzenje lomwera madzi otayika kumapeto kwa ngalande kapena kumanga mpanda woletsa ziweto.

Chachisanu ndi chitatu: perekani inu poyamba, anthu asanabalalike

Musatseke msonkhano ndi mawu akuti anthu akaganize kunyumba. Komiti isankhidwe pomwepo, ndipo mwa anthu 10 aja pakhale awiri kapena atatu amene mekaniki adzawaphunzitse kumanga mabawuti sabata iliyonse, kuchita mayeso awiri aja mwezi uliwonse ndi kusintha timphira. Sankhani anthu okhazikika m'mudzi, osati mnyamata amene akukonzekera ulendo wa ku Joni. Malamulo amene mwagwirizana awerengedwenso mokweza, kuphatikizapo oletsa ana kulendewera pa chogwirira kapena kuchimenyetsa pansi, ndi oletsa kukumba chimbudzi kapena kumanga khola pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera pa mjigo.

Zikatha izi, imirirani, pisani m'thumba, ndipo munene mawu ochepa:

"Sindingakupempheni chinthu chimene ine sindinachite. Nayi K6,000 ya khomo langa, ya chaka chonse. Amlembi, lembani dzina langa pa nambala 1, ndipo mundipatse lisiti langa monga mudzapatsire wina aliyense. Amene ali nayo lero abwere. Amene alibe alembetse dzina, anene tsiku limene adzapereke, ndipo palibe amene amuseke."

Dikirani mpaka lisitilo lilembedwe ndi kuperekedwa m'manja mwanu anthu akuona, ngakhale mlembi atachedwa kufunafuna cholembera. Nduna zanu zitsatire pambuyo panu, monga munagwirizana nazo kale, kenaka a komiti, kuti mzere uyambe. Musanachoke, lengezani masiku awiri: tsiku limene mekaniki adzabwere kudzasintha kamphira ndi mabushi pogwiritsa ntchito ndalama zoyamba kusonkhedwa, limene lisapitirire masabata awiri, ndi tsiku la msonkhano woyamba wowerenga ndalama. Pa tsiku la mekanikilo itanani amayi omwe aja kuti adzajigenso kokwana 40 m'ndowa yomwe ija, ndipo mlembi alembe m'kope malita a tsiku limenelo pafupi ndi a poyamba paja, kuti adzawerengedwe pamodzi ndi ndalama pa msonkhano wa miyezi itatu.